Kalata Yopempha Malo Ophunzirira Utolankhani ku Kitwe ndi ku Ndola

Kalata yopempha malo ophunzirira ntchito m'chipinda cholembera nkhani ndi tsamba limodzi limene wachinyamata womaliza maphunziro a zofalitsa nkhani amatumiza kwa mkonzi. Imapita pamodzi ndi chikalata cha mbiri ya maphunziro ake, chimene ambiri amangochitcha sivi, ndiponso zitsanzo za ntchito imene wagwirapo. Kalatayi imasiyana ndi makalata ena ofunsira ntchito pa chinthu chimodzi chachikulu. Munthu wofunsira ntchito yoyendetsa galimoto ya pamgodi amayesedwa pa chiwongolero, ndipo kalata yake imangomutsegulira chitseko. Koma kwa wofuna utolankhani, kalatayo payokha ndi mayeso kale, chifukwa ntchito imene akupempha ndi yolemba. Mkonzi amaiwerenga ndi maso omwewo amene amawerengera nkhani imene mtolankhani wabwera nayo kuchokera kukhoti kapena kumsika: amaona ngati mfundo yaikulu ili pamwamba, ngati mayina alembedwa molondola, ndiponso ngati pali mawu ongodzazira malo.

M'chigawo cha Copperbelt ku Zambia, chimene eni ake amakonda kuchitcha Kopala, malo olandira kalata zotere ndi owerengeka. Ku Ndola kuli nyuzipepala ya Times of Zambia, imene kale inkatchedwa Northern News isanasinthe dzina mu 1965, komanso wailesi ya Sun FM. Ku Kitwe kuli nyumba youlutsira mawu ya ZNBC kudera la Parklands, wailesi ya Mpingo wa Katolika yotchedwa Radio Icengelo, ndi mawailesi a malonda monga Flava FM ndi YAR FM. Nyuzipepala ya Zambia Daily Mail, imene likulu lake lili ku Lusaka, nayonso ili ndi atolankhani ake m'chigawochi, ngati mmene lilili bungwe la boma lofalitsa nkhani la ZANIS. Ofuna malo amachokera kumasukulu monga University of Zambia, Evelyn Hone College ndi ZAMCOM ku Lusaka, ndi makoleji ena ambiri, ndipo kalata zawo zimafika nthawi imodzi chaka cha maphunziro chikamatha. Mkonzi amene wapanikizika ndi nkhani za tsikulo sawerenga kalata iliyonse mpaka kumapeto. Kawirikawiri ndime yoyamba yokha ndi imene imamuuza ngati apitirize.

Wolemba amayamba ndi kudziwa chimene akupempha, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Wophunzira amene akadali pasukulu amapita kukaphunzira ntchito monga mbali ya maphunziro ake, chimene ku Zambia amati atachimenti, ndipo amanyamula kalata yochokera kusukulu yotchula nthawi imene akakhale. Amene wamaliza maphunziro alibe sukulu yomulankhulira. Amadzilankhulira yekha, ndipo ayenera kunena yekha tsiku limene angayambe ndi miyezi imene angakhale. Kalata imene siinena bwino ngati wolembayo ndi wophunzira kapena womaliza imasiya mkonzi osadziwa kuti aipereke kwa ndani, ndipo kalata yosadziwika kopita imathera m'kabati.

Za kopita kalata n'zofunika kuzilingalira. Pa wailesi yaing'ono, amene amasankha anthu angakhale woyang'anira wailesi yonseyo kapena mkonzi wa nkhani. M'mabungwe aakulu monga ZNBC, zopempha malo nthawi zambiri zimadutsira ku ofesi yoona za antchito, ngakhale kuti amene adzagwire ntchito ndi wophunzirayo tsiku ndi tsiku ndi mkonzi. Njira yodziwira ndi yapafupi: kuimba foni kapena kufika pakhomo n'kufunsa dzina ndi udindo wa woyenera kulandira kalatayo, kenaka kufunsa kalembedwe ka dzinalo chilembo ndi chilembo. Imeneyi ndi ntchito ya mtolankhani kale. Mayina a Chibemba ndi Chilamba ali ndi kalembedwe kake, ndipo munthu wokulira m'Chichewa amatha kuikamo chilembo cha h pamene palibe, kapena kulemba Chi pamene mwini dzina amalemba Ci. Mkonzi amene dzina lake lalakwika pamwamba pa kalata sakhulupirira kuti wolembayo adzalemba bwino dzina la woimbidwa mlandu kukhoti, pamene kulakwitsa dzina kungaike nyuzipepala m'mavuto a mlandu woipitsa mbiri ya munthu.

Kalata yokha imalembedwa m'Chingelezi, chifukwa ndicho chilankhulo cha m'maofesi ku Zambia, ngakhale wailesi imene ikupemphedwa malo iulutse kwambiri m'Chibemba. Kutalika kwake kusapitirire tsamba limodzi, kumene kuli pafupifupi mawu 300, m'ndime zinayi kapena zisanu.

Ndime yoyamba imalembedwa ngati chiyambi cha nkhani. M'kalasi ophunzira amauzidwa kuti chiganizo choyamba cha nkhani chiyankhe kuti ndani, wachita chiyani, kuti ndi liti, koma ambiri akagwira kalata yofunsira malo amaiwala phunzirolo n'kuyamba ndi ulemu wautali. Chitsanzo chongoyerekezera chingathandize pano. Mtsikana wina wokhala ku Chimwemwe mu Kitwe wamaliza dipuloma ya utolankhani ku Lusaka, wabwerera kwa makolo ake, ndipo akulembera mkonzi wa nkhani pa wailesi ina mumzindamo. M'kalata yake yoyamba wayamba ndi kunena kuti akudzichepetsa pamaso pa ofesi yolemekezeka, kuti wakhala akukonda utolankhani kuyambira ali mwana, ndi kuti ndi wolimbikira ntchito, wokhulupirika, woopa Mulungu. Mizere isanu yatha, mkonzi sanadziwebe chimene mtsikanayu akufuna. Kalata yokonzedwa imayamba mosiyana. Imati wolembayo wamaliza dipuloma ya utolankhani chaka chimenecho, akupempha malo ophunzirira ntchito kwa miyezi itatu pa desiki ya nkhani kuyambira tsiku lakutilakuti, ndipo amakhala mu Kitwe momwemo. Ziganizo ziwiri zakwanira. Ulemu sunachepe, chifukwa kusatayitsa nthawi munthu wotanganidwa ndi ulemunso.

Ndime yachiwiri ndi ya umboni, ndipo pamenepa m'pamene kalata zambiri zimagwera. Wolemba amatchula maphunziro onse amene anachita, kuyambira malamulo a zofalitsa nkhani mpaka za malonda ndi ubale wa kampani ndi anthu. Zimenezi zili kale m'sivi, ndipo aliyense wa m'kalasi lake anaphunzira zomwezo. Mkonzi amafuna kumva chimene munthuyo anachita ndi manja ake. Mtsikana wa ku Chimwemwe uja, atafunsidwa bwino, zikupezeka kuti ali pasukulu analemba nkhani zinayi m'nyuzipepala ya ophunzira, ndipo anakonza pulogalamu ya mphindi zisanu yokamba za kukwera kwa mtengo wa makala, imene anafunsamo ogulitsa atatu ndi mkulu wa msika, n'kudula mawuwo yekha pa kompyuta ndi Audacity. Poyamba sanazilembe chifukwa ankaziona ngati zazing'ono. Komatu zimenezi ndizo zokha zimene mkonzi angathe kuzitsimikizira. Mawu akuti "ndimalimbikira ntchito" sangayesedwe, pamene pulogalamu ya mphindi zisanu ingamvetseredwe, ndipo woimvetsera amadziwa msanga ngati wofunsayo amasiyira anthu mpata woyankha, ngati mawu anajambulidwa pamalo opanda phokoso, ndiponso ngati wolembayo amadziwa kuti chiganizo cha pawailesi chiyenera kutha mpweya wa wowerenga usanathe.

Umboni umasankhidwa molingana ndi kopita kalata. Kwa mkonzi wa nyuzipepala ku Ndola, zofunika ndi nkhani zolembedwa, ziwiri kapena zitatu, zokhala ndi tsiku ndi malo amene zinatuluka. Kwa mkonzi wa wailesi, chofunika ndi mawu ojambulidwa, aafupi, pamodzi ndi nkhani yolembedwa kuti iwerengedwe, imene imatenga theka la mphindi kapena kuposerapo pang'ono. Amene alibe chilichonse chosindikizidwa angathe kupanga chitsanzo sabata yomweyo. Milandu yambiri m'makhoti imazengedwa poyera, ndipo munthu angakhale m'khoti la majisitireti ku Kitwe kapena ku Ndola m'mawa umodzi, n'kulemba nkhani ya mawu 250. Chofunika ndi kunena zoona m'kalatamo kuti nkhaniyo sinasindikizidwe, inalembedwa ngati chitsanzo. Bodza lamtundu umenewu silichedwa kuululika, pakuti atolankhani a Kopala amakumana m'misonkhano yomweyo ndipo amadziwana.

Ndime yachitatu ndiyo imalekanitsa munthu amene akufuna malo pa nyumba imeneyo ndi munthu amene watumiza kalata imodzimodzi kumalo khumi. M'zipinda zolembera nkhani tsiku limayamba ndi msonkhano wa m'mawa, umene atolankhani amautcha dayale, pamene aliyense amanena nkhani zimene akufuna kutsata tsikulo. Wophunzira ntchito amene amafika pamsonkhanowo chimanjamanja amakhala mtolo kwa mkonzi, chifukwa ayenera kumufunira chochita. Choncho kalata yabwino imabweretseratu ganizo limodzi kapena awiri a nkhani, kusonyeza kuti wolembayo sadzasowa chonena pa dayale.

Ganizo la nkhani limasiyana ndi mutu wamba. "Nkhani za migodi" kapena "mavuto a achinyamata" ndi mitu, ndipo mtolankhani sangatuluke nayo pakhomo n'kudziwa kolowera. Ganizo limakhala ndi funso, malo ndi anthu oti afunsidwe. Pa 18 February 2025 damu losungira zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mumtsinje wa Mwambashi ndi wa Kafue, ndipo madzi a m'mipopi mu Kitwe anatsekedwa kwa kanthawi. Nkhani yaikuluyo inalembedwa ndi atolankhani odziwa, ndipo palibe mkonzi amene angaipereke kwa wophunzira. Koma mtsikana wa ku Chimwemwe angalembe kuti akufuna kufunsa amayi ogulitsa ndiwo zamasamba ndi nsomba mumsika wa Chisokone ngati ogula amafunsabe kumene katunduyo wachokera, kenaka n'kutengera mayankho awo ku khonsolo ya mzinda. Ganizo limeneli ndi laling'ono, lingatheke tsiku limodzi ndi ndalama ya minibasi, ndipo likusonyeza kuti wolembayo amatsatira zochitika m'dera lake. Ganizo lodzitukumula, monga lakuti adzavumbula katangale m'migodi yonse m'miyezi itatu, limaopsa mkonzi, chifukwa iye ndiye adzayankhe kwa maloya.

Pamenepa palinso msampha. Munthu akatchula mabungwe a m'deralo kuti aoneke wodziwa, ayenera kuwatchula molondola. Madzi a mu Kitwe amaperekedwa ndi kampani ya Nkana Water, pamene a ku Ndola ndi a Kafubu Water. Migodi ya Nkana ndi Mufulira ndi ya Mopani, pamene ya Nchanga ku Chingola ndi ya Konkola ku Chililabombwe ndi ya KCM. Power Dynamos ndi Nkana ndi matimu a mpira a ku Kitwe, pamene ZESCO United ndi Forest Rangers ndi a ku Ndola. Mwana wa ku Wusakile kapena ku Chifubu amazidziwa zimenezi osaphunzitsidwa, koma wochokera ku Chipata kapena ku Lusaka amatha kuzisakaniza, ndipo kulakwitsa kumodzi kotere kumafafaniza zabwino zonse za m'ndimeyo. Amene sanatsimikize bwino, ndi bwino asalembe.

Chilankhulo chili ndi malo ake m'kalatayi, ndipo wolankhula Chichewa ayenera kuchiganizira mofatsa. M'misika, m'mabasi ndi m'makomboni a Kitwe ndi Ndola anthu amalankhula Chibemba. Mtolankhani amene sangafunse funso m'Chibemba adzabwera ndi mawu a akuluakulu a m'maofesi okha, ndipo wailesi imene omvera ake amaimba foni m'Chibemba siingamugwiritse ntchito mokwanira. Kalata inene mosabisa mlingo wa chilankhulo chilichonse: chimene wolembayo amatha kulemba ndi kuwerenga pa wailesi, chimene amatha kufunsira mafunso, ndi chimene amangomva. Kulemba kuti amachidziwa bwino Chibemba pamene amangodziwa moni ndi kutsitsa mtengo kumaululika tsiku loyamba lomwelo, akapatsidwa nkhani yoti amasulire nthawi ya nkhani itatsala pang'ono. Chinyanja nacho chisabisidwe. Ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene ZNBC imaulutsira mawu, pamodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, ndipo kumigodi kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera kum'mawa kwa Zambia ndi ku Malawi kudzafuna ntchito. Munthu wotha zilankhulo zitatu ali ndi chinthu chimene anzake ena a m'kalasi alibe.

Ndime yomaliza ndi ya zinthu za tsiku ndi tsiku, zimene ophunzira amaziona ngati zosayenera kulembedwa koma mkonzi amazifuna. Nkhani za pawailesi zimayamba mbandakucha ndipo siziima Loweruka ndi Lamlungu. Pakati pa Kitwe ndi Ndola pali mtunda wa makilomita pafupifupi 60, choncho wokhala ku Kitwe amene akupempha malo ku Ndola ayenera kunena ngati ali ndi pogona kumeneko. Anenenso ngati ali ndi foni yotha kujambula mawu ndi zithunzi, ndi ngati angagwire ntchito kumapeto kwa sabata. Nkhani ya ndalama siiyenera kutsogola m'kalata, komanso n'kulakwa kulemba kuti munthu ali wokonzeka kugwira ntchito ulele nthawi ina iliyonse. Malo ena sapereka kanthu, ena amapereka ya thiransipoti yokha. Kutchula miyezi yeniyeni, itatu kapena isanu ndi umodzi, kumateteza wophunzirayo kuti asakhale chaka chonse akugwira ntchito ya mtolankhani wolembedwa popanda malipiro ndi popanda kalata yomuchitira umboni. Za ndalamazo zimafunsidwa pamaso, tsiku lokambirana, ndipo zimene zagwirizanidwa zilembedwe.

Pali vuto lina limene limagwera makamaka omaliza maphunziro a zofalitsa nkhani, chifukwa maphunziro awo amaphatikiza utolankhani ndi ntchito yolankhulira makampani. Ena amalemba kuti cholinga chawo ndi kudzakhala mneneri wa kampani ya mgodi, ndipo akufuna kudutsira m'chipinda cholembera nkhani kuti adziwane ndi anthu. N'zoona kuti atolankhani ambiri amathera kumeneko, koma mkonzi sangatume kukafunsa mafunso ovuta kumgodi munthu amene wanena kale kuti akufuna kukalembedwa ntchito komweko. Enanso amalembera desiki ya nkhani pamene chimene akufuna ndi kuulutsa nyimbo ndi kutchuka. Zimenezo ndi ntchito ziwiri zosiyana, zokhala ndi mabwana osiyana, ndipo kalata yotamanda mawu okoma a wolembayo popanda kutchula nkhani ngakhale imodzi imasonyeza kuti yalakwika khomo.

Kalata ikatha kulembedwa imayesedwa m'njira ziwiri zosavuta. Yoyamba ndi kuchotsa dzina la wailesi kapena nyuzipepala n'kuikapo la ina. Ngati kalatayo ikumvekabe bwinobwino, ndiye kuti siinanene chilichonse chokhudza nyumba imene ikupitako, ndipo wolembayo ayenera kumvetsera nkhani za wailesiyo kapena kuwerenga nyuzipepalayo kwa sabata yathunthu asanalembenso. Yachiwiri ndi kuiwerenga mokweza, monga amachitira wowerenga nkhani asanalowe mu situdiyo. Pamene lilime lapunthwa, chiganizocho chatalika kapena chapindika. Kuwerenga mokweza kumagwiranso cholakwa chochititsa manyazi kwambiri, chimene chimabwera chifukwa chokopera kalata yakale: dzina la Flava FM pamwamba, la Sun FM m'ndime yachitatu.

Potumiza, kalata, sivi ndi zitsanzo zolembedwa zimaikidwa mu fayilo imodzi ya PDF yokhala ndi dzina la wolembayo, chifukwa zithunzi za mapepala zojambulidwa ndi foni zimavuta kuwerenga ndi kusindikiza. Mawu ojambulidwa amapita ngati MP3 yaing'ono kapena linki imene yayesedwa pa foni ya munthu wina, pakuti linki yofuna chilolezo palibe mkonzi amene amaidikira. Makope a satifiketi ndi a chiphaso cha NRC amaikidwa ngati apemphedwa, ndipo zikalata zenizeni sizisiyidwa paofesi. Anthu ochitira umboni akhale awiri, monga mphunzitsi wa kukoleji ndi mkonzi amene anayang'anirapo wolembayo pa atachimenti, ndipo auzidwiretu kuti foni ingabwere. M'mizinda ngati Kitwe ndi Ndola, kumene maofesi ali pafupi, kukapereka kalata pamanja kumathandizabe, makamaka ngati munthu wasankha nthawi yabwino. M'mawa kwambiri atolankhani amakhala pa dayale, madzulo amakhala akuthamangitsana ndi nthawi yotsekera nkhani, ndipo mphindi zochepa nkhani zisanawerengedwe pa wailesi palibe amene amalandira mlendo.

Yankho likapanda kubwera, wolembayo amadikira sabata imodzi kapena ziwiri n'kufunsa kamodzi, pa foni kapena pa imelo, motchula tsiku limene anatumiza kalatayo. Ngati m'masiku amenewo walemba nkhani ina yatsopano, amaitumiza pamodzi ndi funsolo. Mkonzi amene analibe malo mwezi umenewo amasunga dzinalo, pakuti malo ophunzirira ntchito amatseguka nthawi iliyonse gulu lina la ophunzira likamaliza miyezi yake n'kubwerera kusukulu.